Njira zitatu zochititsa kuti munthu mmodzi akhale pa mzere umodzi m'buku la maadiresi

Buku la maadiresi limene alembi atatu a mpingo kapena a kalabu ya alimi akhala akulembamo, aliyense m'njira yakeyake, silichedwa kudzaza ndi anthu obwerezedwa. Pokonza buku lotere pali mafunso awiri amene ambiri amawaphatikiza ngati limodzi. Loyamba ndi lakuti kodi mizere iwiriyi ndi ya munthu mmodzi, ndipo lachiwiri ndi lakuti ngati ndi mmodzi, kodi pa mzere wotsalawo palowe chiyani. Excel, Google Contacts ndi OpenRefine zimasiyana pa momwe zimayankhira mafunso awiriwa.

Tiyerekeze kuti m'bukumo muli mizere inayi iyi. Woyamba ndi wa Chisomo Phiri, nambala yake yoyamba ndi 0999 ndi kuthera pa 417, wokhala ku Area 25, wopanda imelo. Wachiwiri walembedwa kuti PHIRI, Chisomo, nambala ndi yomweyo koma yoyamba ndi +265, imelo ilipo koma malo okhala palibe. Wachitatu ndi Chisomo Phili, ndi nambala ina ya 0888, wa ku Area 25 komweko. Wachinayi ndi Eliza Phiri, mkazi wake, amene analembetsa nambala ya mwamuna wake chifukwa pakhomopo foni ndi imodzi. Zoyenera kutuluka ndi mizere iwiri: wa Chisomo wokhala ndi manambala onse awiri, imelo ndi malo, komanso wa Eliza payekha.

Batani la Remove Duplicates mu Excel ndilo limafika msanga m'maganizo, koma dzina lake likunena zoona: limachotsa, siliphatikiza. Limasunga mzere woyamba umene lakumana nawo ndi kufufuta ena onse ofanana nawo, pamodzi ndi zonse zimene zinali mmenemo. Mukachonga makolamu onse, pa mizere yathu inayi silipezapo kanthu, chifukwa palibe iwiri yofanana ndendende. Kuti lione kuti 0999 ndi +265 999 ndi nambala imodzi, muyenera kupanga kolamu yatsopano yokhala ndi manambala asanu ndi anayi omaliza okha, popeza nambala ya foni ya m'manja ya ku Malawi imakhala yotalika chotero mukachotsa ziro wa kumayambiriro kapena +265. Ngati manambala a foni ali m'kolamu C, fomula ya kolamu yatsopanoyo ndi iyi:

```
=RIGHT(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(C2," ",""),"-",""),9)
```

Kolamu imeneyi ndi yothandiza kwambiri, koma mukaipereka kwa Remove Duplicates zotsatira zake ndi zomvetsa chisoni. Mzere wachiwiri ufufutidwa pamodzi ndi imelo ya Chisomo, Eliza atha m'buku ngati sanalembetsepo, ndipo Chisomo Phili atsala ngati munthu wina. Choopsa china n'chakuti onse amene alibe nambala amakhala ndi kabokosi kopanda kanthu m'kolamuyo, choncho Excel amawaona ngati munthu mmodzi ndi kusiya woyamba yekha. Uthenga umene umatuluka pomaliza umangotchula kuchuluka kwa mizere yochotsedwa, osati mayina a ochotsedwawo. Nzeru yabwino ndi kugwiritsa ntchito kolamuyo posanja mizere ndi Sort, kuti yofanana iyandikane ndipo muione ndi maso. Samalaninso potsegula fayilo ya CSV mwachindunji, chifukwa Excel amataya ziro woyamba ndi chizindikiro cha +, ndipo nambala yoyamba ndi 265 amaionetsa ngati 2.66E+11, mukaisunga choncho, manambala enieni atayika. Ilowetseni kudzera pa Data, kenako From Text/CSV, ndipo kolamu ya foni muiike kukhala Text.

Google Contacts imayankha bwino funso lachiwiri. Pansi pa Merge & fix imakuonetsani anthu amene ikuwaganizira kuti ndi mmodzi potengera dzina, nambala kapena imelo, ndipo mukavomereza, manambala ndi maimelo onse amalowa pansi pa dzina limodzi. Amene yawaphonya, monga Phili amene dzina ndi nambala zasiyana, mumawachonga nokha ndi kudina Merge. Ngati mwalakwitsa, Undo changes imabweza buku lonse momwe linalili pa nthawi iliyonse ya m'masiku 30 apitawo. Chofooka chake chili pa funso loyamba, pakuti simungasinthe malamulo amene imatsata poganizira, ndipo Merge all imavomereza zonse nthawi imodzi. Pa buku limene mabanja amagwiritsa ntchito foni imodzi, batani limenelo ndi loyenera kulipewa, ndipo gulu lililonse liunikidwe palokha. Imafunanso intaneti, ndipo manambala a anthu amakakhala pa akaunti ya munthu mmodzi, nkhani imene komiti iyenera kugwirizana kaye.

OpenRefine ndi pulogalamu yaulere imene imatseguka m'bulauza koma imagwira ntchito pa kompyuta yanu yomwe, popanda intaneti, ndipo mphamvu yake ili pa funso loyamba. Pa kolamu ya mayina musankhe Edit cells, kenako Cluster and edit. Njira yotchedwa fingerprint imasandutsa zilembo zonse kukhala zazing'ono, imachotsa zizindikiro za m'kalembedwe ndi mipata yowonjezera, ndipo imasanja mawu motsata afabeti, motero Chisomo Phiri ndi PHIRI, Chisomo onse amakhala chisomo phiri ndipo amagwera m'gulu limodzi. Phili sagwidwa ndi njirayi, chifukwa chilembo chimodzi chasiyana. Kuti agwidwe, sinthani Method kukhala nearest neighbor ndi kusankha levenshtein, imene imawerenga zilembo zofunika kusinthidwa kuti dzina lina lisanduke linzake. Radius, kutanthauza kuchuluka kwa zilembo zololedwa kusiyana, ikakhala 1, Phiri ndi Phili amakumana, zimene zimathandiza kwambiri kwa ife amene l ndi r timazilemba mosinthanitsa. Koma muyeso womwewo ungaike Eliya Banda ndi Eliza Banda m'gulu limodzi, ngakhale wina ndi bambo wina ndi mayi, n'chifukwa chake pulogalamuyi siphatikiza kanthu mpaka inu mutachonga Merge? pa gululo. Musanachonge, onani ngati pali umboni wachiwiri: kwa Chisomo Phili umboniwo ndi Area 25, ndipo ngati kulinso a Phiri ena ambiri kumeneko, kuimba foni kumathetsa nkhani.

Chimene chimadabwitsa oyamba kumene n'chakuti mukamaliza zonsezi mizere imakhala idakali inayi, pakuti chasintha ndi kalembedwe ka dzina kokha. Kuti ikhale iwiri, ikani kolamu ya mayina kumayambiriro, muisanje ndi Sort, musankhe Reorder rows permanently, kenako Blank down pa kolamu yomweyo, imene imasiya dzina pa mzere woyamba wokha ndi kulifufuta pa mizere yotsatira pamene labwerezedwa. Mukasintha kaonedwe kuchoka pa rows kupita pa records, mizere itatu ya Chisomo imawerengedwa ngati chinthu chimodzi, ndipo Join multi-valued cells pa kolamu iliyonse yotsala imasonkhanitsa zonse m'kabokosi kamodzi. Manambala muwakonze kaye kuti alembedwe mofanana, ndipo muyembekezere kuti nambala ya 417 ndi Area 25 zioneka kawiri m'kabokosimo mpaka mutachotsa zobwereza. Anthu awiri osiyana a dzina limodzi muwasiyanitse musanafike pa Blank down, mwina powonjezera mudzi pa dzinalo, apo ayi aphatikizidwa.

Kwa amene akukonza manambala a m'foni yake, Google Contacts ndi yokwanira. Buku la gulu, lolembedwa ndi manja ambiri, ndingalipereke kwa OpenRefine ngakhale imatenga nthawi kuiphunzira, ndipo Remove Duplicates ndingaisiyire mizere yofanana ndendende, monga pamene fayilo imodzi yalowetsedwa kawiri.