Thumba lili pachithunzi: tifufuze ndi kamera, tilembe mawu a palebulo, kapena titumize kwa alangizi?

Alamu anga ananditumizira chithunzi cha paketi ya mankhwala a ufa, ya kilogalamu imodzi, imene mnzawo anawagawira itatsegulidwa kale. Kutsogolo kunali chithunzi cha tomato wofiira bwino, koma dzina lalikulu lija linali litafufutika theka. Uthenga wawo unali wakuti: "Alamu, awa ndi mankhwala anji? Ndithire ochuluka bwanji mu sipuleya ya malita 16? Tomato wanga wayamba chiwawu." Apa pali mafunso awiri, ngakhale ambiri timawafunsa ngati limodzi. Kudziwa dzina la paketi ndi kwina, kudziwa mlingo wothira pa mbewu yanu ndi kwinanso. Njira zitatu zimene anthu amagwiritsa ntchito zimasiyana pomwepa.

Yofulumira kuposa zonse ndi kufufuza ndi chithunzi chomwecho, pogwiritsa ntchito pulogalamu ngati Google Lens. Mumalozetsa kamera pathumba, kapena kusankha chithunzi chimene chili kale mufoni, ndipo pakangopita kamphindi imakubweretserani zithunzi zofanana nacho. Thumba likakhala latsopano, dzina likuoneka lonse, njira imeneyi imagwiradi ntchito. Koma tizikumbukira chimene pulogalamu zotere zimachita: zimafanizira maonekedwe, monga mtundu wa pepala, chithunzi cha mbewu ndi kalembedwe ka zilembo. Tsono makampani ambiri amaika mankhwala awo osiyanasiyana m'mapaketi ofanana ngati ana a mimba imodzi. Pa tomato pali mitundu iwiri imene imasokoneza kwambiri. Wina ndi mancozeb payekha, magalamu 800 pa kilogalamu, umene umalembedwa 80 WP. Wina ndi wosakaniza, wa metalaxyl magalamu 80 ndi mancozeb magalamu 640 pa kilogalamu. Onse ndi ufa, ndipo paketi ya uliwonse ikhoza kukhala ndi tomato kutsogolo. Dzina likafufutika theka, kufanana kwa zithunzi sikungakuuzeni kuti mwagwira uti.

Palinso vuto lina limene silioneka msanga. Zotsatira zimachokera kumayiko onse, pomwe lebulo imavomerezedwa dziko ndi dziko. Dzina limodzi lamalonda likhoza kukhala ndi mphamvu yosiyana kwina, mbewu zololedwa zosiyana, ndi masiku odikira osiyana. Ine ndimaitenga njirayi ngati munthu wokulozerani njira: amakuuzani kolowera, koma sakufikitsani pakhomo. Mlingo sindiutenga kumeneko.

Yachiwiri ndi yotopetsa pang'ono, koma ndi imene ndimaikhulupirira. Musiye kutsogolo kwa paketi, mujambule pamene pali tizilembo ting'onoting'ono, muwerenge nokha, kenako mulembe mawuwo pofufuza. Ndinawauza alamuwo kuti ajambule panja pamthunzi, osayatsa fulashi chifukwa pulasitiki imanyezimira, awongole paketiyo ndi dzanja, ndipo ajambule zigawozigawo, osati paketi yonse pachithunzi chimodzi. Ndinawapemphanso kuti atumize ngati fayilo, chifukwa mapulogalamu otumizirana mauthenga amachepetsa chithunzi ndipo 3 amayamba kuoneka ngati 8. Pa mlingo wa mankhwala, kusiyana koteroko kumawotcha munda.

Pachithunzi chachiwiri mzere wofunika unaoneka bwino:

```
Mancozeb 800 g/kg WP
```

Mzere umodzi umenewu ukunena zinthu zitatu. Mawu oyamba ndi dzina la mankhwala enieni amene amagwira ntchito, ndipo silisintha ngakhale kampani isinthe dzina lamalonda. Nambala ndi mphamvu yake. Zilembo zakumapeto zikunena mmene anapangidwira: WP ndi ufa wosungunula m'madzi umene umafuna kutakasa pafupipafupi chifukwa umadikha pansi, WG ndi timibulu tomwazikana m'madzi, EC ndi wamadzi wokhala ngati mafuta umene umayeretsa madzi ngati mkaka, SC ndi wamadzi wokhuthala wofunika kukhutchumula botolo musanayeze. Mukalemba mzere umenewu pamodzi ndi dzina la kampani ndi nambala ya kaundula yosindikizidwa palebulo, mukhoza kupeza lebulo yonse patsamba la pa intaneti la wopanga kapena la bungwe lolembetsa mankhwala m'dziko lanu. Mukaipeza, yerekezani nambala ya kaundula ndi mphamvu. Zikagwirizana ndi za paketi yanu, mwapeza lebulo yoyenera, zikasiyana, musaitsatire.

Nambala ya mphamvu nayo ili ndi msampha wake. Glyphosate, mankhwala opha udzu, amalembedwa 480 g/L pa mabotolo ena ndi 360 g/L pa ena, ndipo munthu angaganize kuti oyambawo ndi amphamvu kwambiri. Nthawi zambiri ndi amodzimodzi: 480 akuwerenga mchere wa isopropylamine, pomwe 360 akuwerenga asidi wake. N'chifukwa chake mlingo sitiupeka poyerekeza manambala a mabotolo awiri. Timawerenga tebulo la mbewu limene lili palebulo.

Patebulo limenelo muyambe ndi kufunafuna dzina la mbewu yanu. Chithunzi cha tomato kutsogolo ndi chokopera ogula. Chilolezo chili pamzere umene walembedwa tomato, matenda ake, mlingo, masiku a pakati pa kupopera kwina ndi kwina, komanso masiku odikira musanathyole, amene malebulo ambiri amawalemba PHI. Mbewu yanu ikakhala kuti palibe patebulo, musabwereke mlingo wa mbewu ina. Ndipo ngati m'munda muli mbewu zosakaniza, zonse ziyenera kuganiziridwa: atrazine amagwiritsidwa ntchito m'chimanga, koma nyemba zodzalidwa pakati pake zimafa. Mzere wautoto wakunsi kwa lebulo umanena za kuopsa kwa mankhwalawo kwa munthu. M'mayiko ambiri wofiira ndi woopsa kwambiri, kenako wachikasu, wabuluu, ndi wobiriwira. Mzerewo sunena chilichonse za mphamvu yake pa matenda, ngakhale pali alimi amene amasankha wofiira poganiza kuti ndiwo "wogwira".

Kufooka kwa njira yachiwiriyi n'koonekeratu. Imafuna kuti tizilembo tikhalepo, imafuna chilankhulo cha lebuloyo, ndipo imafuna masamu. Lebulo zambiri zimapereka mlingo pa hekitala, pomwe alamu anga ali ndi sipuleya ya kumsana. Tinene kuti lebulo yanu ikuti makilogalamu 2 pa hekitala; nambalayi ndangoitenga kuti tione kawerengedwe, inu mutenge ya papaketi yanu. Yezani malo a mamita 10 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi, mupopere madzi okha pamenepo mukuyenda mmene mumayendera nthawi zonse, kenako muone madzi amene apita. Akapita malita 4, ndiye kuti hekitala yonse, imene ndi malo otere okwana 100, idzafuna malita 400. Gawani 400 ndi 16, mupeza masipuleya 25. Magalamu 2,000 kugawa kwa 25 ndi magalamu 80 pa sipuleya. Wina woyenda mwachangu, amene amathera malita 2 okha pamalo omwewo, adzafuna magalamu 160 pa sipuleya kuti afike mlingo womwewo wa pa hekitala. Apa ndi pamene yankho la "supuni zingati" lotumizidwa ndi munthu amene sanaone sipuleya yanu limakhala longoponya. Lebulo ikapereka mlingo pa malita 100 a madzi, masamu ake ndi ena ndipo ndi osavuta: magalamu 200 pa malita 100 ndi magalamu 32 pa malita 16. Mitundu iwiri ya mlingoyi isasakanizidwe.

Yachitatu ndi kutumiza chithunzi kwa alangizi a zaulimi kapena kwa wogulitsa zipangizo zaulimi amene anaphunzira ntchito yake. Imachedwa, nthawi zina tsiku lonse, ndipo wogulitsa sangalephere kukondera katundu amene ali naye pashelefu. Koma munthu amachita chinthu chimene njira ziwiri zija sizichita: amabweza funso. Alangizi amene tinawatumizira sananene kanthu za paketi poyamba. Anapempha chithunzi cha masamba. Mawu akuti chiwawu amaphimba matenda awiri. China chimayamba ndi masamba akunsi, ndi mawanga abulauni okhala ndi mizere yozungulirazungulira, m'mbali mwake mwachikasu. China chimabwera nyengo ikazizira ndi kunyowa, mawanga ake amaoneka ngati tsamba lathiridwa madzi otentha, kunsi kwa tsamba kumachita nkhungu yoyera m'mamawa, ndipo chimatha kumaliza munda m'masiku ochepa. Metalaxyl amalowa m'mbewu ndi kulimbana ndi chachiwirichi, koma pa choyamba chija alibe ntchito. Mancozeb amakhala pamwamba pa tsamba n'kuteteza ku zonse ziwiri, koma sachiza tsamba limene lagwidwa kale.

Masamba a alamu anga anali ndi mizere yozungulira ija. Ndiye paketi yawo inali yoyenera, kungoti osati pa zimene ankayembekezera. Anauzidwa kuti athothole masamba akunsi ogwidwawo, awachotse m'munda, ndipo apopere kuti ateteze otsala, pamwamba ndi kunsi komwe. Akanangodziwa dzina la paketi n'kuthira, akanadikira kuti mawanga azimiririke, ndipo ataona kuti sakuchoka akanawonjezera mlingo, poganiza kuti mankhwala ndi ofooka.

Pa feteleza nkhani ndi yaifupi, ndipo njira yachiwiri imapambana mosavuta. Dzina la kampani pathumba silidyetsa mbewu. Chofunika ndi manambala atatu, amene amanena maperesenti a nayitrojeni, fosifeti ndi potashi motsatana choncho. Thumba la makilogalamu 50 la yureya, 46-0-0, lili ndi makilogalamu 23 a nayitrojeni. Thumba lolemera chimodzimodzi la CAN ya 27 peresenti lili ndi makilogalamu 13.5 okha. DAP ndi 18-46-0, feteleza wokulitsa wothira pobzala, ndipo 46 wakeyo ndi fosifeti, osati nayitrojeni ngati wa yureya. Matumba a kampani imodzi amafanana kwambiri moti kufufuza ndi chithunzi kumangokuuzani kampani, chimene mumachidziwa kale. Jambulani manambala.

Pali chinthu chimodzi chimene njira zonse zitatu sizingaone: zimene zili m'kati. Thumba lenileni likhoza kusokedwanso muli zina, ndipo paketi yotsegula ikhoza kukhala kuti inathiridwa ufa wina. Chithunzi chingakuthandizeni kuona msoko wachiwiri pathumba, nambala ya gulu lopangidwira limodzi imene yasowa kapena yofufutidwa, ndi tsiku lopangidwa; mankhwala ambiri amayembekezeka kusungika zaka ziwiri kuchokera tsiku limenelo ngati lebulo sinanene zina. Paketi ya alamu anga inali isanakwanitse chaka, ufa wake wachikasu unali wosagwirana, ndipo mnzawo anatsimikiza kuti anaitsegula yekha. Titawerengera pamodzi, anapeza kuti amathera malita 4 pa malo oyeza aja, ndipo anakabwereka sikelo yaing'ono yoyezera magalamu m'malo mwa supuni.