Odwala 8, mayankho atatu: mayeso a t, a zizindikiro ndi a Wilcoxon

Tiyerekeze kuti mwayeza kuthamanga kwa magazi kwa odwala 8, mwawapatsa mankhwala, patapita milungu ingapo mwawayezanso. Pa wodwala aliyense mwachotsera nambala yachiwiri pa yoyamba kuti muone mmene yatsikira, ndipo mwapeza izi: 3, 5, 2, 7, -1, 4, 6, 40. Manambalawa ndangowapeka kuti tigwirirepo, koma aliyense amene wagwirako kafukufuku wa anthu ochepa akuwadziwa maonekedwe ake. Asanu ndi awiri atsika, mmodzi wakwera pang'ono, ndipo mwa otsikawo pali mmodzi uja wa 40 amene watalikirana ndi anzake onse. Simufunika kuchita kuyeza kuti mudziwe ngati manambalawa akutsata maonekedwe a belu aja, oti manambala ambiri ali pakati ndipo ochepa ali kumapeto konse kuwiri, amene mayeso a t amadalira. Kungowaika pamzere n'kuwayang'ana, zikuoneka zokha kuti sakutsata.

Ambirife timathamangira mayeso a t chifukwa ndi amene tinawazolowera. Avareji ya manambalawa ndi 8.25, kumwazikana kwake ndi 13.07, t akutuluka 1.79, ndipo p, mwayi wopeza zotsatira zotere mankhwala atakhala opanda ntchito, ndi pafupifupi 0.12, kupitirira malire a 0.05 amene tinawazolowera. Ndiye kuti palibe umboni wokwanira woti mankhwala achita kanthu. Tsopano fufutani 40 uja mulembepo 8. Avareji yatsika kufika pa 4.25, koma t wakwera kufika pa 4.12, p wagwera pa 0.004. Taonani zachilendo: wodwala amene mankhwala amuthandiza kwambiri ndi amene wafooketsa umboni woti mankhwalawo amathandiza. Chifukwa chake n'chakuti t ndi avareji yogawidwa ndi kumwazikana kenako n'kuchulukitsa ndi sikweya ruti ya chiwerengero cha anthu, ndipo nambala imodzi yotalikira imafufumitsa kumwazikanako kuposa mmene imakwezera avareji. Anthu akakhala 500, mmodzi sangagwedeze zinthu chotere. Akakhala 8, mmodzi ndi wambiri.

Mayeso a zizindikiro sayang'ana n'komwe kukula kwa nambala. Amangofunsa kuti yatsika kapena yakwera. Otsika alipo 7, wokwera mmodzi. Mankhwala akanakhala opanda ntchito, wodwala aliyense akanakhala ngati ndalama yachitsulo yoponyedwa m'mwamba, mwayi wogwera mbali iyi n'kufanana ndi wogwera mbali inayo. Ndalama 8 zitha kugwa m'njira 256. Njira imodzi ndi yoti onse atsike, njira 8 ndi zoti mmodzi yekha akwere, zonse pamodzi 9. Tikawerengera mbali zonse ziwiri ndi 18 mwa 256, ndiye p ndi 0.070. Masamu onse athera pomwepo, mutha kuwachitira kuseri kwa envelopu. Maganizo amenewa ndi akale zedi. Mu 1710 John Arbuthnot anaona kuti m'kaundula wa ubatizo wa mu London ana aamuna ankaposa aakazi chaka chilichonse kwa zaka 82 zotsatizana, ndipo anawerengera kuti zoterozi sizingachitike mwamwayi chabe.

Ubwino wa mayesowa ndi womwewo umene uli kuipa kwake. Nambala ya 40 singawasokoneze, eya, koma kwa iwo wodwala amene wakwera ndi 1 yekha ali ndi liwu lofanana ndi amene watsika ndi 7. Mwataya zambiri zimene munavutikira kuyeza.

Apa ndi pamene Frank Wilcoxon, katswiri wa kemisitire amene anafalitsa njira zake mu 1945, anapeza njira yapakati. Iwalani kaye zizindikiro, sanjani manambala kuyambira wamng'ono: 1, 2, 3, 4, 5, 6, 7, 40. Aliyense mupatseni malo ake pamzere, kuyambira 1 mpaka 8. Choncho 40 wangosanduka wa nambala 8, wotsatira wa nambala 7, ngakhale atakhala 400. Tsopano bwezeretsani zizindikiro zija n'kuwonkhetsa malo a mbali iliyonse. Wokwera uja ali pamalo oyamba, ndiye mbali yake ili ndi 1, mbali ya otsika ili ndi 35. Mwa njira 256 zija, ziwiri zokha ndi zimene zingasiye mbali ya okwera ndi 1 kapena kuchepera apo: yoti pasakhale wokwera, ndi yoti wokwera akhale wa pamalo oyamba. Mbali zonse ziwiri ndi 4 mwa 256, p ndi 0.016.

Mu R, pulogalamu ya pakompyuta yochitira masamu otere, zonse zitatu zimatuluka motere:

```r
d <- c(3, 5, 2, 7, -1, 4, 6, 40)
t.test(d)
binom.test(sum(d > 0), sum(d != 0))
wilcox.test(d, conf.int = TRUE)
```

Manambala ndi omwewo, koma p ndi 0.12, 0.070 ndi 0.016. Mutu ungakuuzeni kuti Wilcoxon ndiye wapambana. Dikirani kaye. Sinthanitsani zizindikiro ziwiri zokha: -1 akhale 1, ndipo 40 akhale -40, kutanthauza kuti wodwala mmodzi mankhwala amukwezera magazi koopsa. Mayeso a zizindikiro sasintha, akadali 7 mwa 8, p ndi 0.070 yemweyo. Wilcoxon tsopano akuona wokwera ali pamalo a 8, ndipo pali njira 25 zopezera 8 kapena kuchepera, ndiye p wakwera kufika pa 50 mwa 256, umene ndi 0.195. Palibe walakwitsa pamenepa, mafunso ndi amene akusiyana. Mayeso a zizindikiro akuyankha ngati otsika achuluka kuposa okwera. Wilcoxon akuyankha ngati kutsika kukulemera kuposa kukwera, kukula kwake kukuwerengedwa ndithu ngakhale mochepetsedwa. Dokotala wofuna kuuza wodwala mwayi woti mankhwala amuthandiza akufunsa funso loyamba. Amene akuda nkhawa ndi odwala ochepa amene mankhwala angawapweteke kwambiri sangakhutire nalo.

Pali chinthu china chimene anthu amachidumpha. Wilcoxon safuna belu, koma mukafuna kunena kuti wayeza nambala yapakatikati, amafuna kuti manambala amwazikane mofanana mbali zonse za pakatipo. Akapendekekera mbali imodzi, monga amachitira masiku ogonera m'chipatala kapena malipiro a anthu, p wake atha kukhala wamng'ono chikhalirecho nambala yapakatikati ndi 0. Mayeso a zizindikiro alibe vuto limenelo. Ine ndimawasankha manambala akapendekeka kwambiri, kapena pamene chimene ndili nacho ndi mayankho ongoti "bwinoko" ndi "zaipirapo", oti sungawachotsere wina pa mnzake. Kupatula pamenepo ndimatenga Wilcoxon, chifukwa mtengo wake ndi wotsika. Ngakhale manambala atakhala a belu weniweni, pamene t ali pakwawo, Wilcoxon amagwira ntchito ndi mphamvu pafupifupi 95.5 peresenti poyerekeza ndi t, pamene mayeso a zizindikiro amatsala pa 63.7 peresenti. Kunena mwachidule, chimene t angachione ndi anthu 64, mayeso a zizindikiro amafuna anthu ngati 100. Ziwerengero zimenezi zinapezedwa poganizira anthu ochuluka zedi, choncho kwa anthu 8 zitengeni ngati cholozera chabe.

Zonsezi ndi za munthu mmodzi woyezedwa kawiri. Magulu akakhala awiri a anthu osiyana, mayeso a zizindikiro alibe pogwira, popeza palibe wochotsera pa mnzake. Amene amalowapo ndi mayeso ena a Wilcoxon yemweyo, owonkhetsa malo, amene Henry Mann ndi Donald Whitney anawakuza mu 1947. Mukamva dzina la Wilcoxon ndi la Mann-Whitney musaganize kuti ndi njira ziwiri, p wake ndi mmodzi. Tinene kuti odwala anayi a gulu loyamba anagona m'chipatala masiku 3, 4, 6, 7, ndipo anayi a gulu lachiwiri masiku 5, 9, 12, 30. Asanjeni onse pamzere umodzi. Gulu loyamba latenga malo 1, 2, 4 ndi 5, onse pamodzi 12. Chochepetsetsa chimene anthu anayi angapeze ndi 10, ndiye apitirira ndi 2, ndipo 2 ameneyu ndi amene R amamulemba kuti `W = 2`. Pali njira 70 zosankhira malo anayi mwa 8, ndipo zinayi zokha ndi zimene zimapereka 12 kapena kuchepera. Mbali zonse ziwiri ndi 8 mwa 70, p ndi 0.114.

Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri n'chosokoneza mayeso awiriwa, popeza mu R onse amaitanidwa ndi dzina limodzi. Munthu ali ndi muyezo woyamba ndi wachiwiri wa anthu omwewo, walemba `wilcox.test(x, y)`, waiwala `paired = TRUE`. Kompyuta sidandaula, imangowatenga ngati magulu awiri osadziwana. Kutsika kwa 4 kapena 5 kwa munthu aliyense kumamira m'kusiyana kwakukulu kumene kulipo kale pakati pa munthu ndi munthu. Mungadzigwire poyang'ana mutu wa zotuluka. Ukakhala ndi mawu akuti `rank sum` ndi chilembo `W`, mwayeza magulu awiri. Ukakhala ndi `signed rank` ndi chilembo `V`, mwayeza awiriawiri.

Polemba lipoti, samalani ndi chiganizo choti mayeso owonkhetsa malo asonyeza kuti manambala apakatikati a magulu awiri akusiyana. Zimenezo n'zoona pokhapokha maguluwo atamwazikana mofanana, lina n'kungosunthira mbali. Chimene amayezadi ndi mwayi woti munthu wotoledwa mwachisawawa m'gulu limodzi apose wa m'gulu linalo. M'chitsanzo chathu pali njira 16 zophatikizira wa gulu loyamba ndi wa lachiwiri, ndipo mu 14 mwa izo wa gulu lachiwiri anagona masiku ambiri. Chiganizo chimenechi chimamveka ngakhale kwa munthu amene sanaphunzire masamuwa. Kwa odwala 8 oyamba aja, `conf.int = TRUE` imakupatsani kutsika kwa 4.5, kumene kukufotokoza gululo moona kuposa avareji ya 8.25 imene odwala 7 mwa 8 sanaifike.

Manambala ofanana amasokonezanso. Awiri akafanana amagawana malo, mwachitsanzo onse n'kutenga 3.5, ndipo R itha kukuchenjezani kuti `cannot compute exact p-value with ties`, kenako n'kukupatsani p wongoyerekeza, amene kwa anthu ochepa sakhala wodalirika kwenikweni. Odwala amene sanasinthe n'komwe, a 0, amachotsedwa m'mayeso a zizindikiro ndi a Wilcoxon omwe, choncho 8 anu atha kusanduka 5 osadziwa.

Ndipo 5 ndi nambala yoopsa. Anthu 5 ali ndi njira 32 zokha, ndiye ngakhale onse atatsika, p wochepetsetsa ndi 2 mwa 32, umene ndi 0.0625. Malire a 0.05 simungawafike, mankhwala akhale amphamvu bwanji. Pamafunika anthu 6, pamene p angatsike kufika pa 0.031. Magulu awiri a anthu atatuatatu ali ndi njira 20 ndipo amaima pa 0.1, pamene anayianayi amatha kufika pa 0.029. Masamu amenewa achiteni musanayambe kuyeza, ndipo nthawi yomweyo lembani mayeso amene mudzagwiritse ntchito. Mukadikira kuona 0.12, 0.070 ndi 0.016 kenako n'kutola wokusangalatsani, mwayi wolengeza kuti mankhwala opanda ntchito amagwira ntchito umapitirira 5 peresenti imene munalonjeza owerenga anu.