Kudula mbali kapena kusiya mipata: kanema wa 2.39:1 pa sikirini ya 16:9

Tinene kuti muli ndi vidiyo ya 1920x1080 koma chithunzi chenicheni ndi 1920x804, pamwamba ndi pansi pali mizere yakuda ya mapikiselo 138 uliwonse. Choyamba musangoyerekeza ndi maso, muyeseni kaye ndi cropdetect ya pulogalamu ya ffmpeg, yomwe imapeza pomwe mizere yakuda yathera:

```
ffmpeg -ss 600 -i in.mp4 -t 60 -vf cropdetect=round=2 -f null -
```

Ndalumpha mphindi 10 dala, chifukwa poyambira pamakhala mdima ndiye cropdetect imanama, imadya ndi chithunzi chomwe.

Njira yoyamba ndi kungodula mizereyo basi, `crop=1920:804:0:138`. Palibe chomwe mwataya, faelo yayera, koma mukaionera pa TV ya 16:9 mizere ija ibweranso chifukwa puleya ndi amene akudzaza mpatawo. Ambiri amadabwa apa nkumati sizinagwire, pomwe zagwira bwinobwino.

Yachiwiri ndi yodzaza sikirini yonse. Kutalika kwa chithunzi ndi 804 ndiye mulifupi ukhale pafupifupi 1430, mudule `crop=1430:804:245:138` kenako `scale=1920:1080`. Mizere yatheratu koma mwataya pafupifupi kotala ya chithunzi, munthu woima kumphepete amasala theka la nkhope, ndipo poti mwakulitsa ka 1.34 chithunzi chimafewa pang'ono, sichikhalanso chakuthwa ngati kale.

Chomwe musachite ndi kutenga 1920x804 nkuikoka kufika 1080, nkhope zimatalika ngati za pa supuni. Poyesa yang'anani chinthu chozungulira, wilo kapena wotchi, chikaoneka ngati dzira mwakoka.

Ine ndimakonda yoyamba, yachiwiriyo pokhapokha zochitika zonse zili pakati.