Adaputa ya dijito kapena ya analogi: kusankha kachingwe ka mahedifoni pa foni yopanda bowo lake

Kampani ya Apple itatulutsa iPhone 7 mu 2016 yopanda bowo lozungulira la mamilimita 3.5 lolowetsamo mahedifoni, makampani ena ambiri anatsatira, ndipo lero munthu amene ali ndi mahedifoni awaya amene amawakonda ayenera kugula kachingwe kakafupi kolowa pa bowo lotchajira. Pa mafoni a bowo la USB-C timazingwe timeneti tilipo tamitundu iwiri, ta analogi ndi ta dijito, ndipo tikagonekedwa pamodzi pa tebulo la wogulitsa timafanana ngati mapasa. Kusiyana kwake konse kuli m'kati mwa pulagi, mmene diso silifika, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri amabwerera kunyumba ndi adaputa yabwinobwino imene sikutulutsa mawu pa foni yawo, n'kuyamba kuganiza kuti agulitsidwa chinthu chakufa.

Nyimbo imene ili mu foni ndi manambala, pamene sipika yaing'ono ya m'hedifoni simva manambala. Imafuna magetsi okwera ndi kutsika mogwirizana ndi mawu, kuti kansalu kake kanjenjemere. Choncho payenera kukhala kachipangizo kosandutsa manambalawo kukhala magetsi otere, kamene pa mabokosi amakalemba kuti DAC, ndiponso kena kowonjezera mphamvu kuti mawu amveke. Mkangano wonse wa maadaputa awiriwa wagona pa funso la kumene ntchito yosandutsayi ikuchitikira, kaya m'kati mwa foni kapena m'kati mwa adaputa.

Adaputa ya analogi ndi mawaya chabe. Ikalowa pa bowo, imalumikiza timapini tiwiri tozindikirira m'njira imene imauza foni kuti chalowacho ndi chomvetsera, ndipo foni yodziwa chizindikirochi imasiya kutumiza deta pa timapini tiwiri tapakati, n'kuyamba kutumizapo mawu osandutsidwa kale, a khutu la kumanja pa kamodzi ndi a khutu la kumanzere pa kenako. Timapini tina tiwiri timanyamula maikolofoni ndi waya wobwezera magetsi. Izi zikutanthauza kuti bowo la mahedifoni silinachoke kwenikweni, koma linangobisala m'bowo lotchajira, ndipo adaputayo ikungolitulutsira kunja. Ubwino wake ndi woonekeratu. Ndi yotsika mtengo, siidya batire payokha, ilibe kachipangizo kamene kangakangane ndi mapulogalamu a foni, ndipo mawu amene mukumva ndi omwe aja amene opanga foniyo anakonza. Koma imagwira ntchito pokhapokha ngati opanga foni anaikamo njira ya mawu yofika pa bowolo. Moto Z ya 2016 ndi OnePlus 6T ya 2018 zinali nayo njira imeneyi. Google sanaiike pa Pixel 2 ya 2017, Samsung sanaiike pa Galaxy Note 10 ya 2019 ndi pa Galaxy S20, ndipo iPhone 15 ya 2023, imene inali yoyamba ya mtundu wake kukhala ndi USB-C, nayonso ilibe.

Adaputa ya dijito ili ndi chipu, kachipangizo ka DAC kaja, m'kati mwa mutu wa pulagi. Foni imaiona monga mmene kompyuta imaonera chipangizo chilichonse cha mawu cholowa pa USB. Imaipatsa magetsi, imaitumizira manambala, ndipo adaputayo ndi imene imasandutsa manambalawo, kuwonjezera mphamvu, komanso kusandutsa mawu anu ochokera pa maikolofoni kukhala manambala obwerera ku foni. Popeza njira yolankhulirana imeneyi ndi yofala, adaputa ya dijito imagwira pa mafoni amene amakana analogi komanso pa ambiri mwa amene amailola, ndipo imagwiranso pa laputopu ndi tabuleti. Apa ndi pamene mpikisano wasiya kukhala wa anthu ofanana mphamvu, chifukwa imodzi imalowa pafupifupi paliponse pamene inayo ili ndi nyumba zowerengeka. Ndiponso bungwe loyang'anira malamulo a USB linachotsa njira ya analogi pa zolimbikitsidwa mu 2023, kotero mafoni oilola azinka nachepa.

Tiyerekeze munthu amene ankagwiritsa ntchito OnePlus 6T ndi kachingwe kamene kanabwera m'bokosi lake, ndipo tsopano wagula Galaxy S20 yogwiritsidwapo kale ntchito. Walowetsa kachingwe kakale kaja, koma nyimbo ikungotulukira pa sipika ya foni ngati kuti sanalowetse kalikonse, kapena pagalasi pabwera uthenga wakuti chipangizocho sichikugwirizana ndi foniyo. Pa mafoni a Pixel uthengawo umayamba ndi mawu akuti `Analog audio accessory detected`, ndipo ameneyu ndi umboni wokwanira woti chimene chili m'manja ndi cha analogi. Kupukuta bowo, kuzimitsa ndi kuyatsanso foni, ngakhale kuikamo pulogalamu ina, sizingathandize, chifukwa chimene chikusowa ndi njira ya mawaya pa bolodi la foniyo, ndipo palibe pulogalamu imene ingaike waya pamene palibe. Kuti atsimikize, munthuyu alowetse mahedifoni mu adaputa, kenako alowetse adaputayo pa bowo la USB-C la laputopu. Ya dijito imaonekera pa mndandanda wa zipangizo za mawu ndi dzina lake, pamene ya analogi siionekera n'komwe. Kulowetsa mahedifoni poyamba n'kofunika, chifukwa maadaputa ambiri a dijito amakhala ogona mpaka atamva kuti pulagi yalowa, ndipo woyesa ndi adaputa yokha angaiweruze molakwa.

Nthawi zina ya dijito nayo imakhala chete, ndipo pali malo awiri oyenera kuyang'ana musanaitaye. Mafoni ena, monga a Oppo ndi Realme, ali ndi batani la `OTG` m'makonzedwe awo limene limalola foni kupereka magetsi ku chinthu cholowa pa bowo, ndipo batanili limazima lokha pakatha mphindi khumi osagwiritsidwa ntchito. Malo achiwiri ali m'gawo la `Developer options`, mmene muli batani lotchedwa `Disable USB audio routing`, limene likayatsidwa limaletsa mawu kupita ku adaputa. Zoterezi sizikhudza adaputa ya analogi pa foni yoilola, ndipo imeneyi ndi mfundo imodzi imene ndimavomereza kuti ya analogi yaposa inzake.

Pa nkhani ya kukoma kwa mawu, anthu amakonda kunena kuti dijito ndiye yabwino, koma mawu amenewa ndi osakwanira. Ndi adaputa ya analogi mukumva chipu cha foni, pamene ndi ya dijito mukumva chipu cha adaputa, ndipo chipu chotchipa chopangidwa mosasamala chimagonja kwa chipu cha foni yabwino. Zizindikiro za ya dijito yosalongosoka n'zosavuta kuzimva. Pamakhala kamkokomo kakuti sii kosalekeza pamene nyimbo yatsika, makamaka pa timahedifoni tolowa m'khutu. Pamamveka kuti thi nyimbo ikamayamba kapena kuima. Ndipo ena amadula kachigawo koyamba ka mawu, chifukwa chipu chimagona pofuna kusunga batire ndipo chimachedwa kudzuka, kotero mawu oyamba a uthenga wapakamwa amatayika. Manambala aakulu olembedwa pa bokosi onena za kusalala kwa mawu sindimawapatsa mtima kwenikweni, chifukwa chimene khutu limamva msanga ndi mkokomo uja ndi kuchepa kwa mphamvu.

Mphamvuyo ndi yofunika kuiwerengera. Adaputa ya USB-C ya Apple yogulitsidwa ku America imatulutsa pafupifupi voliti imodzi, pamene yogulitsidwa ku Ulaya imatulutsa pafupifupi theka la voliti chifukwa cha malamulo oteteza makutu. Mphamvu yofika pa hedifoni imapezeka pochulukitsa mavoliti ndi mavoliti omwewo, n'kugawa ndi maomu a hedifoniyo, amene ndi muyezo wa mmene hedifoniyo imakanira magetsi. Pa mahedifoni wamba a maomu 32, voliti imodzi imapereka mamiliwati pafupifupi 31, ndipo theka la voliti limapereka pafupifupi 8, zomwe zimakwanirabe timahedifoni ta m'khutu. Koma pa mahedifoni aakulu a maomu 250, a mtundu umene ojambula nyimbo amagwiritsa ntchito, voliti imodzi imapereka mamiliwati 4 okha, ndipo theka limapereka 1. Onani kuti kudula mavoliti pakati kwachepetsa mphamvu kanayi, osati kawiri. Adaputa yomweyi ikalowa pa mafoni ambiri a Android imamveka motsika kuposa pa iPhone, chifukwa ili ndi muyezo wakewake wa kukweza mawu umene mabatani a foniyo sausuntha. Choncho munthu wa mahedifoni a maomu ambiri ayenera kufunsa za mavoliti a adaputa ya dijito asanagule, pamene ndi ya analogi alibe chosankha, popeza amangolandira zimene foni ingathe.

Ya dijito imadya batire pang'ono nthawi yonse imene ikugwira ntchito, ndipo yamphamvu kwambiri imatha kufunda m'manja. Mabatani a pa waya wa mahedifoni, makamaka okweza ndi kutsitsa mawu, sagwira pa adaputa iliyonse, ndipo ena otchipa alibiretu njira ya maikolofoni, kotero ndi bwino kuyesa kuimba foni kapena kujambula mawu mukadali pa sitolo. Okonda wailesi ya FM ya mu foni akumbukirenso kuti waya wa mahedifoni ndiwo umagwira ntchito ya eriyo, ndipo chipu cha adaputa ya dijito kawirikawiri chimadula njira imeneyo.

Ine ndikamalangiza munthu amene sakudziwa bwino za foni yake, ndimamuuza kuti agule ya dijito, imene bokosi lake lalembedwa DAC momveka, ndipo apite ndi foni pamodzi ndi mahedifoni ake kukayesera pomwepo. Mafoni ambiri amene amafika kuno kwathu amabwera ogwiritsidwapo kale ntchito, opanda bokosi ndi kachingwe kake koyambirira, ndipo maadaputa a pamsika ambiri salembedwa kuti ndi amtundu uti, kotero mawu a wogulitsa akuti imagwira pa foni iliyonse ya bowo lotere sangalowe m'malo mwa kuyesa. Ya analogi ndimaisiyira amene watsimikiza kuti foni yake imailola, amagwiritsa ntchito mahedifoni a maomu ochepa, ndipo akufuna kusunga batire ndi ndalama. Amene ali ndi iPhone yakale ya bowo la Lightning asankhe adaputa yovomerezeka ya bowo limenelo, imene ili ndi chipu m'kati, chifukwa pali ina yotchipa imene imangotenga magetsi pa bowo n'kupempha kuti muyatse Bluetooth kuti mawu adutse.