Nyale ya sola ya nyenyezi 4.2: ine ndaipatsa 3

Nyale ya sola yokhala ndi potchajira foni imeneyi ndinaigula m'sitolo ina ku Limbe. Imawala bwino, pabalaza ponse pamaoneka, ndipo pulasitiki yake ndi yolimba. Vuto ndi batire. Ili yatsopano inkayaka kuyambira madzulo mpaka pakati pa usiku, koma patangotha miyezi ingapo, ngakhale ikhale padzuwa tsiku lonse, siyaka maola awiri. Ukalumikizako foni ndiye imazima nsima isanapse.

Avereji ya ndemanga zake ndi nyenyezi 4.2 pa 5, ndipo munthu ukaona nambala imeneyi umaganiza kuti aliyense anakhutira. Koma taonani mmene yapezekera. Olemba ndemanga alipo 20. Mwa iwo 16 anapereka nyenyezi 5, zomwe ndi 80, ndipo anayi anapereka imodzi yokha aliyense. Zonse pamodzi ndi 84, kugawa ndi 20, yankho ndi 4.2. Ndiye kuti pa anthu asanu aliwonse, mmodzi anataya ndalama. Nyale ina imene anthu 16 aipatsa nyenyezi 4, anayi n'kuipatsa 5, imapezanso 84 yemweyo, 4.2 yemweyo, chonsecho palibe ndi mmodzi yemwe amene wadandaula. Ine ndingasankhe yachiwiriyi.

Nanga 5 amachulukiranji? Ambiri amalemba tsiku lomwe agula, katundu akadali m'katoni. Ndemanga zawo zimangoti "yafika bwino" kapena "ikuwala kwambiri", pomwe batire limaonetsa khalidwe lake pakapita nthawi, munthu ataiwala kale zolemba. Komanso wogulitsa akakulandira mwansangala n'kukupempha kuti, "Achimwene, mutipatseko nyenyezi," manyazi amakugwira. Kumupatsa 3 kumakhala ngati kumunyoza, pomwe 3 ndiye pakati penipeni. Amene katundu wawo ndi wongoti bola nthawi zambiri salemba n'komwe. Olemba ndi osangalala kwambiri ndi okwiya kwambiri, n'chifukwa chake 2 ndi 3 amasowa. Onjezani kuti sikeloyi imayambira pa 1, osati pa ziro, moti nyale yofa tsiku loyamba imalandirabe nyenyezi.

Musanagule, werengani za anthu anayi aja. Akanakhala kuti wina akudandaula mtengo, wina mtundu, wina kuchedwa kwa katundu, sindikanalabadira. Koma onse akunena batire, ndipo onse akuti anayamba aigwiritsa ntchito kwa kanthawi ndithu asanalembe. Pamenepo si tsoka la munthu mmodzi, ndi mmene nyaleyo inapangidwira.

Ngati mukufuna yongounikira podya mgonero magetsi akathima, ikuthandizani. Ngati ndi ya mwana amene akuwerengera mayeso a MSCE usiku, funsani kaye wogulitsa ngati batire lake limasinthidwa, ndiponso ngati limapezeka mu Blantyre muno.