Mtanthauziramawu wa zinenero ziwiri kapena wa ophunzira Chingerezi: mutsegule uti polemba?

Munthu amene akudziphunzitsa kulemba Chingerezi, kaya akukonzekera chimangirizo cha mayeso a MSCE kapena kalata yofunsira ntchito, kawirikawiri savutika ndi kusowa mawu. Chimene chimamuvuta n'chakuti m'mutu mwake muli mawu awiri kapena atatu ooneka ngati ofanana, ndipo sakudziwa oyenera chiganizo chomwe akulembacho. Apa anthu amatembenukira ku mabuku a mitundu iwiri. Ena amatsegula mtanthauziramawu wa Chichewa ndi Chingerezi, monga wa Steven Paas womwe a Oxford adasindikiza mu 2016. Ena amatsegula mtanthauziramawu wa Chingerezi chokhachokha wolembera ophunzira, monga Oxford Advanced Learner's Dictionary, Longman Dictionary of Contemporary English kapena Collins COBUILD. Mabuku awiriwa amayankha mafunso osiyana, ndipo ambiri timafunsa buku loyamba funso lomwe lingayankhidwe ndi lachiwiri lokha.

Kuti tione kusiyanako, titenge chiganizo chimodzi chomwe mphunzitsi aliyense wa Chingerezi kusekondale angachizindikire. Wophunzira akufuna kunena kuti amalume ake adamubwereka ndalama za fizi ndipo adakambirana za momwe adzabwezere. Walemba motere:

*My uncle borrowed me money for school fees and we discussed about how I will return it.*

Palibe liwu lomwe lalembedwa molakwika, ndipo liwu lililonse likugwirizana ndi ganizo la m'Chichewa. Komabe chiganizochi chili ndi malo atatu ofunika kuwaonanso.

Tiyambe ndi kubwereka. M'Chichewa mneni ameneyu amayenda mbali zonse ziwiri. Timati "ndabwereka njinga kwa aneba", ndipo timatinso "mundibwerekeko njinga". Wopereka ndi wolandira amadziwika ndi mmene chiganizo chakhalira. Chingerezi chidagawa ntchitoyi pakati pa mawu awiri, *borrow* ndi *lend*. Mtanthauziramawu wa zinenero ziwiri amagwira ntchito yake bwino akakuonetsani kuti mawu onse awiriwa alipo, ndipo kwa munthu yemwe sadamvepo *lend* limeneli ndi thandizo lenileni. Koma buku lotere limayenera kulowetsa zinenero ziwiri m'chikuto chimodzi, choncho malo osonyeza zomwe zimatsogola ndi zomwe zimatsatira liwu lililonse amakhala ochepa. Wophunzira amaona *borrow*, amati ndilomwelo, n'kutseka buku.

Wa ophunzira amayambira pomwe mnzakeyo walekezera. Mukafufuza *borrow* mu Oxford kapena mu Longman, musanafike n'komwe pa zitsanzo mupeza kamangidwe ka mneniyo katalembedwa motere: *borrow something from somebody*. Mukapita pa *lend* mupeza *lend something to somebody* komanso *lend somebody something*. Tsono yalani chiganizo chanu pambali pa zimenezi. Inu mwalemba mneni, kenako munthu, kenako chinthu. Pa *borrow* kamangidwe kameneka palibe, ndipo m'zitsanzo zake mwininkhani ndi wolandira. Pa *lend* kalipo, ndipo mwininkhani ndi wopereka. Amalume ndi opereka, ndiye chiganizo chiyambe ndi *My uncle lent me money*. Tanthauzo lokha silikanakupulumutsani, chifukwa mawu onse awiri akukamba za chinthu chopita kwa wina kwa kanthawi. Chakupulumutsani ndi kuyerekeza mafupa a chiganizo chanu ndi mafupa a zitsanzo.

M'mabuku osindikizidwa a Oxford mawu oti *something* ndi *somebody* amawafupikitsa kukhala *sth* ndi *sb*. Ophunzira ambiri amadumpha tizidutswa timeneti poganiza kuti n'tosafunika, chonsecho m'menemo ndimo muli yankho.

Malo achiwiri ndi *discussed about*. Ife timati "kukambirana za", ndipo "za" ameneyu amafuna kutitsatira m'Chingerezi. Buku la zinenero ziwiri likatiuza kuti kukambirana ndi *discuss* silinaname. Koma wa ophunzira amasonyeza kuti mneniyu amatsatiridwa ndi pamtherankhani mwachindunji, popanda mperekezi pakati. Longman amaika chizindikiro choti *transitive*, ndipo onse awiri, Oxford ndi Longman, amachenjeza poyera za cholakwika chimenechi chifukwa chimachitika kwa ophunzira a m'mayiko ambiri, osati ife tokha. Chosokoneza n'chakuti dzina lochokera ku mneniyu limalola mperekezi: *a discussion about money* ndi Chingerezi chabwinobwino. Choncho mukafufuza, onetsetsani kuti zitsanzo zomwe mukuwerengazo zili pansi pa mneni, osati pansi pa dzina.

Malo achitatu ndi amene ndimawakonda, chifukwa akusonyeza malire a njirayi. Kubweza ndalama wophunzira wati *return it*. Uku si kulakwitsa kwenikweni, ndipo aliyense amva. Koma mukawerenga zitsanzo za *return*, muona kuti zinthu zobwezedwazo kawirikawiri ndi monga buku la ku laibulale kapena katundu wogula kusitolo, chinthu chomwecho chobwerera kwa mwini wake. Ndalama za ngongole sizibwerera zomwezo, poti zidapita kale kusukulu. Mukayang'ana *repay* ndi *pay back* mupeza ngongole ndi ndalama zili ponseponse m'zitsanzo. Apa buku silikunena kuti chimodzi n'choletsedwa. Likungokuonetsani kumene mawu aliwonse amakonda kukhala, ndipo kusankha kwatsala ndi inu. M'kalata yopita kubanki ine ndingalembe *repay*, koma pankhani ya amalume *pay it back* ikukhala bwino. Chiganizo chonse tsopano chikhala chotere:

*My uncle lent me money for school fees and we discussed how I would pay it back.*

Onani kuti *will* wasanduka *would*. Pamenepo palibe mtanthauziramawu yemwe akanakukokani dzanja, chifukwa ndi nkhani ya kugwirizana kwa nthawi za aneni m'chiganizo chonse. Bukuli limayeza liwu ndi anansi ake apafupi. Ndime yonse, kapena funso loti mfundo zanu zikutsatana bwino, zimafuna buku la malamulo a chiyankhulo kapena munthu wokuwerengerani.

Nanga pakati pa atatu a ophunzira aja, wabwino ndi uti? Kusiyana kwawo kumachokera ku mbiri yawo. Wa Oxford adayamba ndi A. S. Hornby, mphunzitsi wa Chingerezi ku Japan, yemwe buku lake lidatuluka ku Tokyo mu 1942 ndipo a Oxford adalisindikiza mu 1948. Hornby ankaona ophunzira ake akudziwa matanthauzo koma akulephera kumanga ziganizo, n'chifukwa chake mpaka lero mphamvu ya bukuli ili pa kamangidwe ka aneni ndi zitsanzo zazifupi, zoyera, zosavuta kutengera. Pa vuto ngati la *borrow* ndi *lend* ndimayamba ndi limeneli.

Longman adatuluka mu 1978 ndi lamulo loti matanthauzo onse alembedwe ndi mawu wamba pafupifupi 2,000 okha. Kwa wophunzira wa Fomu 2 kapena Fomu 3 zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa palibe chofooketsa ngati kufufuza liwu n'kupeza tanthauzo lili ndi mawu ena atatu osadziwika. Bukuli limaikanso zizindikiro monga S1 ndi W1, kusonyeza kuti liwulo lili m'gulu la mawu 1,000 ogwiritsidwa ntchito kwambiri poyankhula kapena polemba. Izi zimathandiza munthu amene amakonda mawu akuluakulu kuti aone ngati liwu lomwe wasankha ndi la tsiku ndi tsiku kapena ndi lachilendo ngakhale kwa eni chinenero. Pa intaneti Longman amawonjezera zitsanzo zambiri pansi pa mutu woti *Examples from the Corpus*. Ndi zabwino pofuna kuona mawu oyendera limodzi, koma zidadulidwa m'zolemba zenizeni, ndipo zina n'zazitali kapena zosamveka bwino zikachotsedwa munkhani yake. Woyamba kumene ayambe ndi zitsanzo zomwe zili pamodzi ndi tanthauzo lenilenilo.

COBUILD ndi wa 1987, ntchito yomwe John Sinclair adatsogolera ku yunivesite ya Birmingham pogwiritsa ntchito nkhokwe ya zolemba zosungidwa mukompyuta. Chomwe chimamusiyanitsa n'chakuti tanthauzo lenilenilo limalembedwa ngati chiganizo chathunthu, ndipo pa aneni nthawi zambiri limayamba ndi *If you*. Motero mukamawerenga tanthauzo mwaona kale wochita, chochitidwa ndi mperekezi woyenera. Amene zizindikiro ndi zidule zimamutopetsa apeza mpumulo m'bukuli. Vuto lake ndi loti matanthauzo amatalika, ndipo diso silipeza msanga chomwe likufuna.

Pali chizindikiro china chomwe chili m'mabuku onsewa chomwe ife olankhula Chichewa tiyenera kuchizolowera, chosonyeza mayina osawerengeka. Malangizo ndi mawu ochulukitsa kwa ife, ndiye dzanja limathamangira kulemba *advices*. Mukaona [U] kapena *uncountable* pambali pa dzina, dziwani kuti patanthauzo limenelo silitenga *s* kumapeto ndiponso silitsogoleredwa ndi *a* kapena *an*. Zitsanzo zikuonetsani njira yotulukira, monga *a piece of advice*. Chimodzimodzi ndi *luggage*, *equipment* ndi *information*.

Buku lililonse mwa amenewa likhoza kukusokeretsani ngati mwaima pa tanthauzo loyamba. Mawu ofala amakhala ndi matanthauzo ambiri oikidwa manambala, ndipo chitsanzo cha nambala 1 sichingatsimikize chiganizo chomwe chili pa nambala 4. Njira yodziwira ndi kufunsa ngati mwininkhani ndi pamtherankhani za m'chitsanzo zili za mtundu umodzi ndi zanu: munthu ndi munthu, ndalama ndi ndalama. Kusapezeka kwa kamangidwe kanu m'zitsanzo zitatu si umboni woti n'kolakwika. Yang'anani m'buku lachiwiri, ndipo ngati nalonso mulibe, lembani mwa njira yomwe mwaiona ndi maso.

Nthawi yotsegulira bukulo nayo ili ndi kanthu. Mukamaima pa liwu lililonse, ganizo limazizira chimangirizo chisanafike pakati. Lembani ndime yonse, dulani mzere kunsi kwa mawu omwe mukuwakayikira, makamaka aneni ndi aperekezi awo, kenako fufuzani amenewo okha. Mukakonza, lembani chiganizo china chanuchanu ndi kamangidwe komweko m'kope, chifukwa m'chipinda cha mayeso bukulo sililowa nawo.

Pankhani ya ndalama, atatu onsewa ali ndi masamba a pa intaneti omwe mungafufuzepo mawu ndi zitsanzo zake osalipira, kupatula bandulo. Kumene netiweki imavuta, buku lapepala logula kwa ogulitsa mabuku akale likwanira ndithu. Kope lakale lidzasowa mawu atsopano a zamakono, koma kamangidwe ka *lend*, *discuss* ndi *advice* sikanasinthe. Musanagule, tsegulani pa mneni aliyense ndipo muone ngati pali ziganizo zachitsanzo ndi zizindikiro za kamangidwe. Timabuku tating'ono ta m'thumba tolembera eni Chingerezi timangopereka tanthauzo ndi kalembedwe ka liwu, ndipo pa ntchito iyi sitikuthandizani.