Mapu a maleya mu PDF: QGIS, AutoCAD kapena masamba osiyanasiyana

Gulu lina la alimi a mthirira kufupi ndi mtsinje wa Bua, mbali ya ku Santhe kuno ku Kasungu, linandipempha mapu a dimba lawo. Pepala linali limodzi, koma ofuna kuliona anali atatu, ndipo aliyense ankafuna zake. A komiti ankafuna malire a mapuloti ndi manambala ake. Wokonza mapaipi ankafuna mizere ya mapaipi ndi zitsime, popanda china chomuphimba m'maso. A mfumu ankafuna chithunzi cha setilaiti, kuti aone mtengo wa mango ndi chulu zomwe anthu amazidziwa ngati malire. Zonsezi mukaziunjika pa mapu amodzi, mizere imapiringizana ngati mpanda wa minga.

Apa ndi pamene maleya a PDF amathandiza. Dzina lake m'malamulo a PDF ndi Optional Content Groups, kapena OCG mwachidule, ndipo analowa mu PDF 1.5 m'chaka cha 2003. Fayilo imakhala imodzi, koma zojambula zake zimagawidwa m'magulu okhala ndi mayina, ndipo wowerenga amayatsa kapena kuzimitsa gulu lililonse. Mufayilomo mumasungidwanso mndandanda wa magulu oyaka ndi ozima pamene fayilo yangotsegulidwa. Mndandanda umenewu muukumbukire, chifukwa ndi umene unandivutitsa kuposa china chilichonse.

Ndinayesa njira zitatu pa mapu omwewo a maleya 5: chithunzi cha setilaiti, malire a mapuloti, mapaipi, zitsime, ndi mayina a eni mapuloti.

Ndiyambe ndi QGIS, popeza ndi yaulere ndipo ambiri ogwira ntchito za mapu kuno ali nayo pa laputopu. Kuyambira pa 3.10, imatha kutulutsa PDF ya maleya. Mukakonza mapu anu mu Print Layout, dinani Export as PDF, ndipo pa bokosi lomwe litseguke chongani Create Geospatial PDF. Mukapanda kuchonga pamenepo mupeza PDF wamba, yooneka bwino koma yopanda leya ina iliyonse. Mukachonga, pamabwera mndandanda wa maleya anu onse, ndipo pambali pa leya iliyonse pali kabokosi ka Initially Visible. Ine ndinasiya malire ndi zitsime zoyaka, ndi kuzimitsa chithunzi cha setilaiti, mapaipi ndi mayina. Ubwino waukulu wa QGIS ndi umenewu: leya imalowa mu fayilo ili yozima, ndipo woifuna amaiyatsa yekha.

Ubwino wachiwiri ndi woti fayilo imadziwa malo ake padziko. Mapu anga anali mu dongosolo loyezera malo la WGS 84 / UTM zone 36S, yomwe mu QGIS ndi EPSG:32736, ndipo manambala a malowo analowa mu PDF. Pulogalamu ya pa foni monga Avenza Maps imatha kukuonetsani pomwe mwaima pa mapuwo muli m'dimba. Chenjezo pang'ono kwa amene akutenga malire pa mapu akale a boma: ambiri a iwo ali mu dongosolo lina lotchedwa Arc 1950, ndipo mukasakaniza ziwirizi osaiuza QGIS, leya ya malire imatsetsereka ndi mamita mazana angapo. Mu PDF ya maleya vutoli limaonekera msanga. Mukayatsa chithunzi pansi pa malire, mumapeza puloti ya munthu ili pakati pa mtsinje.

Zovuta zake zilipo. Mapu amene mwawapendeketsa mu Print Layout, kuti dimba lalitali likwane pa pepala, QGIS imakana kuwatulutsa mwa njira imeneyi. Ndinachita kubwezera kumpoto pamwamba ndi kutembenuza pepala m'malo mwake. Vuto lina ndi kulemera kwa fayilo. Leya yozima imalemera chimodzimodzi ndi yoyaka, popeza zonse zili m'katimo. Pepala la A3 pa 300 dpi ndi timadontho 3508 kuchulukitsa ndi 4961, zoposa 17 miliyoni, ndipo chithunzi cha setilaiti chimadzaza timadontho tonseto. Mukatsitsa kufika pa 150 dpi, chiwerengerocho chimatsika kanayi. Mizere ndi malemba sizisintha kuthwa kwake bola zikhale zisanasandutsidwe chithunzi. Kwa munthu amene akutsitsa fayilo pa WhatsApp ndi bandulo ya tsiku limodzi, kusiyana kumeneku si nkhani yaing'ono.

Njira yachiwiri inabwera chifukwa cha mnzanga wina wojambula mapulani a nyumba pa boma, amene anajambula mapaipiwo mu AutoCAD. Kwa iye ntchito ndi yachidule. Amalemba PLOT, amasankha DWG To PDF.pc3, ndipo mu PDF Options amachonga Include layer information. Mizere imatuluka yoyera, sikelo imakhala yeniyeni, ndipo pa pulani ya nyumba kapena ya mapaipi sindingamuuze kuti asamukire kwina.

Koma pali zinthu ziwiri zomwe zinatikwiyitsa. Choyamba, leya imene mwaizimitsa kapena kuiumitsa mu AutoCAD pa nthawi yotulutsa siilowa n'komwe mu PDF. Imene ilowe ndi yoyaka yokha. Ndiye kuti fayilo imatseguka zonse zili pamwamba pa zinzake, mpanda wa minga uja, mpaka wowerenga azimitse yekha. Kuti musinthe zimenezi mumafunika pulogalamu ina yokonzera PDF, monga Acrobat yolipira, momwe mumasintha Default State ya leya iliyonse. Chachiwiri ndi mayina. AutoCAD imatumiza mayina a maleya monga alili mu pulani, ndipo mnzangayo anali ndi maleya oposa makumi awiri, ena otchedwa 0, PIPE-63 ndi TXT2. Iye amawadziwa pamtima. A komiti sangadziwe kuti PIPE-63 ndi paipi ya mamilimita 63 yochoka pa thanki. Ngati mutenge njira imeneyi, pangani kope la pulani, phatikizani maleya akhale ochepa, ndipo muwapatse mayina oti munthu awamve: Malire, Mapaipi, Zitsime.

Pa mapu a malo, QGIS ikupambana. Pa pulani ya zomangamanga, AutoCAD. Ndikanalekera pomwepa, chikhala kuti sindinatumize fayiloyo kwa eni ake.

Mlembi wa gulu anandiimbira madzulo ake. “Akulu, mapaipi mwawaiwala kapena? Ine ndikuona malire ndi zitsime zokha.” Mapaipi analimo. Kungoti iye anatsegula pa foni, ndipo pulogalamu ya pa foni yake inalibe poyatsira maleya. Inamuonetsa zomwe ndinasiya zoyaka, basi.

Ichi ndi chimene otsatsa maleya satchula. Fayilo ikhoza kukhala yabwinobwino, koma chotsegulira n'kukhala chosamva. Pa kompyuta, Adobe Acrobat Reader ili ndi gawo la Layers, Firefox imaonetsa maleya pa kagawo ka m'mbali, ndipo Okular nayo imatero. Chrome imatsegula fayilo koma siipereka poyatsira. Mapulogalamu ambiri a pa foni, kuphatikizapo aja amene amangotseguka mukadina fayilo pa WhatsApp, ali chimodzimodzi. Ndiye ngati anthu anu ambiri ali pa foni, monga zilili kumudzi kuno, chimene mwasankha pa Initially Visible ndiye mapu awo onse.

N'chifukwa chake njira yachitatu, yomwe poyamba ndinkaiona ngati yachikale, ndinaibwerera: PDF wamba ya masamba angapo, tsamba lililonse ndi nkhani yake. Tsamba loyamba malire ndi manambala, lachiwiri mapaipi ndi zitsime, lachitatu chithunzi ndi malire. Imatseguka pa foni iliyonse, ndipo mnyamata wa pa shopu yosindikizira safunika kumufotokozera kanthu. Malire ake ndi odziwikiratu. Maleya 5 akhoza kuyatsidwa ndi kuzimitsidwa m'njira 32, ndipo palibe angakonze masamba 32. Munthu akafuna mapaipi pamwamba pa chithunzi, ndipo inu simunakonze tsamba lotero, ayenera kukuimbiraninso. Komanso chithunzi chikabwerezedwa pa masamba awiri, kawirikawiri fayilo imalemeranso kawiri. Komabe pa gululi, mwa njira 32 zija, zofunika zinali zitatu zokha.

Za kusindikiza ndinene pang'ono. Nthawi zambiri chimatuluka pa pepala ndi chomwe chikuoneka pa sikirini, koma leya ikhoza kulamulidwa kuti isasindikizidwe konse kapena isindikizidwe nthawi zonse, choncho onani chithunzi cha pa bokosi losindikizira musanawononge inki. Ndipo wina akatsegula fayilo yanu n'kuisunganso kudzera pa Microsoft Print to PDF, maleya onse amafafanizika, n'kutsala tsamba limodzi lophwatalala. Ofesi imene imafuna PDF/A-1, mtundu wa PDF wosungira zikalata nthawi yaitali, nayo siingalandire maleya, chifukwa mtundu umenewo suwalola. PDF/A-2 imawalola.

Kuti mudziwe ngati fayilo ikadali ndi maleya, ndi ati omwe ali oyaka, njira yosanama ndi kuifunsa fayiloyo. Ine ndimagwiritsa ntchito PyMuPDF mu Python:

```python
import fitz
doc = fitz.open("dimba.pdf")
print(doc.get_ocgs())
```

Ikabweza {} ndiye kuti mulibe leya. Ikabweza mndandanda, muona dzina la leya iliyonse, ndi True kapena False kutsogolo kwa on.

Tsopano za leya yachisanu ija, ya mayina a eni mapuloti. Ndinaizimitsa poganiza kuti ndaibisa, popeza mapuwo ankapitanso kwa ogulitsa mapaipi, ndipo m'gululi munali mkangano wa mapuloti awiri womwe a mfumu anali asanauweruze. Kuzimitsa leya si kuichotsa. Mayina ali m'fayilo momwemo, ndipo aliyense wokhala ndi Firefox akhoza kuwayatsa ndi kudina kamodzi. Ngakhale mutaikhoma leyayo kuti isayatsidwe, chokhomacho ndi pempho chabe kwa pulogalamu yotsegulira, ndipo zida zotulutsa malemba mu PDF zikhoza kuwapeza ndithu. Mu QGIS mulinso kabokosi ka Include Attributes, komwe kamalowetsa tebulo lonse la leya mu fayilo. Tebulo langa la malire linali ndi manambala a foni a alimi. Ndinazindikira fayilo isanatuluke kunja kwa komiti, koma mwamwayi chabe. Pano chomwe sindikufuna kuti mlendo aone ndimachichotsa pa mapu ndisanadine Export as PDF, ndipo pa nkhani iyi yokha khalidwe la AutoCAD lotaya maleya ozima ndi lothandiza.

Pomaliza pake gululi linalandira mafayilo awiri. Ya maleya yochoka mu QGIS, pa 150 dpi, yopanda mayina ndi matebulo, inapita kwa wokonza mapaipi ndi kwa mlangizi, amene onse ali ndi laputopu. Ya masamba atatu inapita pa gulu la WhatsApp la komiti, ndipo tsamba lachitatu tinalisindikiza pa A3 n'kukapereka kwa a mfumu. Mu fayilo ya maleya ija ndinasinthanso chinthu chimodzi: mapaipi ndinawasiya oyaka, kuti mlembi akaitsegula mwangozi pa foni yake asandiimbirenso usiku.